Bambo akupuma n'kupita kunja, akuti nditenge makiyi a shopu: tilemberane chiyani asananyamuke?

Wachiwiri
Abale, ndithandizeni nzeru. Bambo anga ali ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba imene ayendetsa kuyambira ndili mwana. Tsopano atopa, maondo akuwavuta, ndipo pakatha miyezi 6 akupita kukakhala kunja kwa mlongo wanga. Ana tilipo atatu: achimwene aakulu ali pa ntchito yawo ya muofesi, mlongo wathu ndiye ali kunjayo, ine ndi amene ndimagwira nawo ntchito m'shopumo. Antchito ena alipo 4. Mawu a bambo ndi akuti, "Makiyi ndi awa, uziyendetsa, ine uzingonditumizira yanga mwezi ukatha." Koma chilichonse chili m'dzina lawo: chiphaso cha bizinesi, akaunti ya kubanki, pangano la lendi, ngakhale nambala ya foni imene makasitomala amaimba. Ndikavomera chonchi ndalandira chiyani kwenikweni? Nanga tiyambire pati?

Kamnjiri
Mwalandira makiyi ndi ntchito. Shopu ikadali ya mdala.

Mai_Chifundo
Pepani kwambiri achimwene, Mulungu akutonthozeni. Zikatere mumayamba mwatenga chikalata cha imfa, kenako mukaone ngati anasiya wilo. Musakhudze katundu aliyense abale onse asanakhale pansi.

Wachiwiri
Ayi mayi, bambo alipo ndithu, dzulo lomweli amandikalipira za misomali imene inanyowa. Akungopuma pa ntchito.

Mai_Chifundo
Iii, ndikhululukireni, ndinawerenga mothamanga. Komabe za wilozo musazitaye, mudzazifuna.

Zapansi
Nkhani yake ndi yosavuta. Pitani kwa loya, bambo asaine chikalata chokupatsani mphamvu yochita zinthu m'malo mwawo. Ndi pepala limenelo mutha kusaina kubanki, kulipira msonkho, kulankhula ndi mwini nyumba, zonse. Tsiku limodzi mwamaliza. Zina zonsezi ndi kungodzivutitsa.

Kawerengera
A Zapansi anena mbali imodzi yoona, chikalatacho n'chofunika ndipo chipangidwe bambo asanachoke, chifukwa kuchisainitsa ali kunja kumafuna umboni wowonjezera ndipo kumachedwa. Koma chikalata chimenechi sichikupatsani shopu. Chimangonena kuti dzanja lanu likasaina, ndiye kuti bambo asaina. Phindu likadali lawo, ngongole ndi zawo, ndipo akhoza kuchithetsa tsiku lililonse. Chachikulu n'chakuti mphamvuyo imatha tsiku limene wopereka wamwalira. M'mayiko ambiri imathanso munthu akadwala mpaka osatha kuganiza bwino, pokhapokha chitalembedwa mwa mtundu wapadera. Ndiye taganizani: nthawi imene mudzachifuna kwambiri, ndi nthawi yomweyo imene chidzakhala pepala chabe. Banki ikangomva za imfa imatseka akaunti ya munthuyo, inu muli ndi antchito oyembekeza malipiro ndi ogulitsa katundu oyembekeza ndalama zawo.

A Wachiwiri, mawu akuti "ndakusiyira bizinesi" muli zinthu zitatu zimene anthu amazisakaniza. Pali umwini, pali kuyendetsa kwa tsiku ndi tsiku, ndipo pali ndalama imene bambo azidya atapuma. Bambo akupatsani chachiwiricho, chachitatu atchula pakamwa osanena kuchuluka kwake, choyambacho sanachikhudze n'komwe. Ndisanapitirire, ndiyankheni: shopuyi inalembetsedwa ngati kampani ya masheya kapena ndi dzina la bizinesi chabe la munthu mmodzi? Ndipo "yanga" akunenayo ndi yochuluka bwanji poyerekeza ndi zimene mumagulitsa pamwezi?

Wachiwiri
Si kampani, ndi dzina chabe, mwini wake ndi iwo okha. Za ndalama ndiyerekeze chonchi kuti ndisaulule zam'nyumba. Pa 100 iliyonse imene timagulitsa pamwezi, 74 imabwerera kukaoda katundu. Ina 17 imapita ku lendi, malipiro athu, mayendedwe, magetsi ndi misonkho. Yotsala ndi 9. Bambo amatengapo pafupifupi 7 ya pakhomo, 2 imatsala m'bizinesi. Akufuna 7 yomweyo izipitabe kwa iwo. Malipiro anga ali mu 17 muja, ndi 2.

Kawerengera
Zikomo, pamenepo ndiye pali nkhani. 9 imene mukuitcha phinduyo si phindu lonse. Bambo amagwira ntchito ya manijala osadzilipira: amaoda katundu, amakambirana mitengo, amatsata angongole, amatseka mabuku. Mbali ina ya 7 ija inali malipiro a ntchito imeneyo, mbali ina inali phindu la mpamba wawo. Akapuma, ntchitoyo sipuma nawo. Mukuitenga ndinu.

Tiwerenge. Inu mukakhala pa mpando wa bambo, pakauntala pamene mumaima pafunika munthu wina. Iyeyo atenga 2 yanu ija, ndiye 17 sinasinthe. Inuyo ngati manijala tinene kuti muzilandira 4, imene ndi ndalama yatsopano yotuluka. Pa 9 patsala 5. Bambo akufuna 7. Mwezi uliwonse pakuperewera 2, pachaka ndi 24. Ndalama imeneyi sichokera kumwamba, imachokera pa mashelefu. Ngati katundu wa m'shopu ndi wokwana 150 lero, chaka chikamatha adzakhala pafupifupi 126, ndipo palibe amene waba ngakhale msomali umodzi.

Tsono apo ndayerekeza kuti malonda sanatsike. Yesaninso ndi 90 m'malo mwa 100, chifukwa pali makasitomala amene amabwera chifukwa cha nkhope ya bambo. Pa 90, katundu adya pafupifupi 67, patsala 23. Lendi ndi malipiro sizitsika chifukwa choti malonda atsika, zikadali 17 kuphatikiza 4 yanu, 21. Yotsala ndi 2 yokha. Mukatumiza 7 pa mwezi woterowo mwadya 5 ya mpamba.

Zizindikiro zake sizioneka kubanki poyamba. Mudzaona katundu woyenda msanga, simenti ndi misomali, akutha msanga osabwezeredwa mokwanira, pamene katundu wogona akadali mbwee, moti shopu imaoneka yodzaza. Kenako amene mumawalipira pa masiku 30 muyamba kuwapempha 45. Mukafika pamenepo ndiye kuti mwayamba kudyetsa bambo ndi ndalama za eni katundu.

Kamnjiri
Ndipo pa tsiku loweruza achimwene a kuofesi aja adzati mng'ono wathu wagwetsa bizinesi ya bambo.

Gogo_Nkhwazi
Ana inu, mukuwerengera bambo wanu ngati mlendo. Munthu wakulerani ndi shopu yomweyo, wakulipirirani sukulu, lero mukufuna kumuuza kuti 7 yamuchulukira? Ine ndinapuma pa ntchito yanga ya ukalipentala ndipo mwana wanga sindinalemberane naye kalikonse. Amandipatsa chimene wapeza. Chibale ndi fupa, sichiwola.

Kamnjiri
Chibale sichiwola agogo, koma simenti ikagona imauma.

Kawerengera
Agogo, mawu anu omwewo ndi amene ndikunena: mwana wanu amakupatsani chimene wapeza. Simunamuikire chiwerengero choposa chimene ntchito imabala. Kuwerengaku ndi kuteteza bambowo, chifukwa shopuyi ndiyo penshoni yawo. Ikadya mpamba wake kwa zaka zitatu, chaka chachinayi sadzalandira 7, sadzalandiranso 3.

Chimene ndingapangire a Wachiwiri ndi ichi. Bambo azilandira ndalama yokhazikika yocheperapo, tinene 3, imene shopu ingathe kupereka ngakhale mwezi wovuta popanda kuvulala kwambiri. Kenako miyezi itatu iliyonse muziwerenga katundu, ndipo phindu lotsala muzigawa pakati: theka kwa bambo, theka likhale m'bizinesi. Malonda akakhala pa 100, yotsala pamwezi ndi 2, bambo atengapo 1, ndiye kuti akulandira 4. Ndi yochepa kuposa 7, n'zoona. Koma atsale ndi njira ziwiri zoti asankhe ndi maso otsegula: kulandira zochepa kwa nthawi yaitali, kapena kukugulitsani shopuyo pang'onopang'ono, 7 ija n'kumawerengedwa ngati malipiro a mtengo wogulira, okhala ndi tsiku lothera. Njira yachiwiriyi siichotsa kuperewera kuja, inu ndi amene mudzamangire lamba podula malipiro anu, koma mukudziwa kuti mukugula chinthu.

Wakutali
Ine ndilankhule ngati munthu amene anachoka. Ndinasiyira mng'ono wanga galaja yokonzera magalimoto nditasamukira kunja, ndipo zinthu zimene zinatisautsa sizinali zazikulu ayi, zinali zing'onozing'ono zimene sitinaziganizire. Nambala yachinsinsi imene banki imatumiza munthu akamalipira imabwera pa foni yanga. Ine ndili mtulo chifukwa nthawi imasiyana, iye waima pa kauntala ya ogulitsa zipangizo akudikira nambala imene imatha mphamvu pa mphindi zochepa. Kenako simu khadi yanga yakale inatsekedwa chifukwa sinkagwiritsidwa ntchito, ndipo kubanki anati kusintha nambala n'kofunika mwini akaunti aonekere yekha. Choncho lembani m'kope chilichonse chimene chimalowera pa foni kapena pa imelo ya bambo: banki, ndalama za pa foni, msonkho, inshulansi, mapasiwedi. Nambala imene makasitomala amaidziwa itsale m'shopu, isinthidwe dzina mwalamulo, bambo agule ina.

China chimene ndikuchenjezeni kwambiri: ndalama ya bamboyo muitchule mu ndalama imene shopu imagulitsira, osati ya dziko limene akupitalo. Ife tinagwirizana mu ndalama ya kuno. Ndalama ya kwawo itagwa mphamvu, mng'ono wanga anapezeka akutulutsa zambiri mwezi uliwonse kuti akwanitse chiwerengero chomwe chija, malonda ali pomwepo. Tinakonza, koma titakwiyirana kaye. Gwirizananinso kuti ndalama yotumizira azilipira ndani.

Zapansi
Zonsezi chikalata chija chikanathetsa.

Wakutali
Chikalatacho tinali nacho, a Zapansi. Banki inati ili ndi mafomu akeake owonjezera wosaina, ndipo inafuna kundiona kapena kulandira mapepala otsimikizidwa kuchokera kuno. Zinatenga nthawi. Pitani kubanki limodzi ndi bambo akadalipo, mukafunse kuti iwo amafuna chiyani.

Nachisale
Ine funso langa lili pa achimwene aakuluwo ndi mlongoyo. Akudziwa zimenezi? Chifukwa kwa ife zinayenda bwino mpaka shopu itayamba kukula. Mwamuna wanga anaitenga ili pafupi kugwa, anaikweza, anatsegula nthambi yachiwiri. Apongozi atamwalira, alamu anga onse anabwera n'kunena kuti ndi chuma cha bambo, tigawane mofanana, nthambi yachiwiri yomwe. Papepala iwo ndiwo anali olondola, chifukwa dzina linali lisanasinthidwe. Zaka zonse zija mwamuna wanga anali wantchito wa bambo ake osadziwa.

Mlauzi
Nkhani zoterezi zimaipa akazi akalowererapo. Amuna pachibale amamvana, koma mkazi akayamba kunong'oneza usiku, basi.

Nachisale
Amene anabweretsa loya anali alamu anga aamuna, achimwene. Ine ndinkangolemba malisiti osalipidwa.

Mai_Chifundo
A Mlauzi, nanga amuna okwatira m'banjamo sanong'oneza? Ine ndaonapo mkamwini akufunsa mabuku a shopu ya apongozi ake asanathe ngakhale chaka m'banja.

Mlauzi
Chabwino, onse obwera. Mfundo yanga ndi yakuti pokambirana pakhale ana ndi bambo okha.

Nachisale
Pokambirana inde. Koma ngati mkazi kapena mwamuna wa wina akugwira ntchito m'shopumo, alembedwe ngati wantchito, alandire malipiro. Ntchito yaulere ndi imene imadzabala mawu akuti "nanenso ndinavutikirapo".

Wachiwiri
Tibwerere kwa ine pang'ono, mkazi wanga shopu saiyandikira n'komwe. Mlongo wanga akudziwa ndipo akuti alibe nazo ntchito, bola bambo asamasowe ya mankhwala. Achimwene akuti nditenge ndiziyendetsa, koma "ndi ya tonse". Nditafunsa kuti ya tonse motani, anaseka n'kusintha nkhani.

Kawerengera
Kusekako musakulole kudutse. Apa ndi pamene kampani imathandiza, chifukwa imalekanitsa zinthu zitatu zija papepala. Bizinesi ya munthu mmodzi siisiyana ndi mwini wake pamaso pa lamulo, ndiye palibe chidutswa chimene mungapatse wina. Kampani ndi yoima payokha: ili ndi akaunti yake, ngongole zake, ndipo siifa mwini masheya akamwalira. Eni ake ndi amene ali ndi masheya, oyendetsa ndi madailekitala. Achimwene akhoza kukhala ndi masheya osakhudza kauntala, inu n'kukhala dailekitala wolandira malipiro. Iwo amadya pokhapokha phindu lagawidwa, inu mumadya malipiro a ntchito yanu kuphatikiza gawo la masheya anu. Chofanana pakati pa ana chikhale masheya ngati bambo afuna choncho, koma malipiro ndi a wogwira ntchito.

Chenjerani ndi kagawidwe. Anthu awiri a 50 ndi 50 akasemphana palibe chimene chimayenda. Atatu ofanana, awiri amene sali m'shopu akhoza kugwirizana n'kukuchotsani pa udindo, kapena kulamula kuti phindu lonse ligawidwe pamene inu mukufuna kuoda katundu. Choncho palembedwe pangano la eni masheya: ndi zinthu ziti zimene mungachite nokha, ndi ziti zofuna onse, monga kutenga ngongole yaikulu kapena kugulitsa galimoto. Palembedwenso kuti wofuna kugulitsa masheya ake ayambe wafunsa abale ake, ndi njira yopezera mtengo wake.

Kusamutsa katundu kuchoka m'dzina la bambo kupita ku kampani kumatha kukhala ndi msonkho, ndipo malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko, choncho akauntanti aone musanasaine, osati mutasaina.

Fundi_Wakale
Ine sindikugwirizana ndi za kampanizo pa shopu ya antchito 4. Kampani imafuna mapepala chaka ndi chaka, akauntanti wolipidwa, zilango mukachedwa. Ndaona anthu akulembetsa kampani n'kupitiriza kutapa ndalama mu kabati ngati kale, ndiye anangowonjezera mavuto. Komanso m'bale wokhala ndi masheya ochepa m'kampani ya pabanja ali ndi pepala limene sangagulitse kwa wina aliyense, ndipo phindu silimufika ngati woyendetsa sakufuna kuligawa. Pakatha zaka zisanu adzakhala wokwiya kuposa lero. Kuli bwino a Wachiwiri alembetse bizinesi m'dzina lawo, agule katundu wa bambo pa mtengo wowerengedwa, azilipira mwezi ndi mwezi. Ngongole imeneyo ndiyo chuma cha bambo. Akadzachoka isanathe, yotsalayo ndi imene ana adzagawane. Shopu ikakula ndi ya amene waikulitsa, ikagwa ndi yake yomwe. Aliyense akudziwa pamene waima.

Kawerengera
Njira imeneyonso ndi yabwino, ndipo pa shopu ya msinkhu uwu mwina ndi yoyera kuposa yanga. Vuto lake ndi limodzi: achimwene aja anena kale kuti ndi ya tonse. Adzavomera kuti mng'ono wawo agule? Ndipo mtengo akaika bambo okha, adzati anakugulitsani motchipa. Pafunika munthu wapadera woti awerenge, ndipo abale onse asaine kuti aona.

Fundi_Wakale
Asaine kapena asasaine, mwini katundu ali moyo ndipo ali ndi nzeru zake. Akhoza kugulitsa kwa amene wafuna.

Nachisale
Mwalamulo inde. Koma mudzakumana pa maukwati ndi pa maliro moyo wonse.

Wachiwiri
Njira iliyonse imene tisankhe, zikuoneka kuti kuwerenga katundu sikuthawika. Timawerenga bwanji kuti pasadzakhale mkangano? Bambo sanawerengepo shopu yonse, amangoyang'ana shelefu n'kudziwa.

Kawerengera
Sankhani tsiku limodzi lodulira, makamaka kutha kwa mwezi. Tsekani shopu, muwerenge chinthu chilichonse anthu awiriawiri, wina wowerenga wina wolemba. Mtengo wake ukhale umene munagulira, osati umene mumagulitsira. Katundu wowonongeka ndi amene wagona kupitirira chaka alembedwe payekha, chifukwa penti wouma ndi maloko amene anthu anasiya kugula sangawerengedwe ngati ndalama. Apa bambo adzakana, chifukwa akukumbukira zimene analipira. Apempheni kuti ayese kumugulitsa m'miyezi imene yatsalayi, zimene apeze ndi zawo.

Tsiku lomwelo lembani amene ali ndi ngongole kwa inu ndi amene inu muli nawo ngongole. Pa angongole ndi pamene pamabisala mavuto. Shopu ya zomangira imakongoza amisiri ndi makontilakitala, ndipo zambiri zimakhala m'mutu mwa mwini kapena m'kakope kake. Bambo akakwera ndege, ena adzati tinalipira kale kwa mdala, ena adzati tinagwirizana kuti tidzalipira nyumba ikatha. Muyende nawo bambo kwa aliyense, asaine kuti pa tsiku lakuti ndili ndi ngongole yakuti. Ngongole yopitirira masiku 90 musailandire pa mtengo wake wonse. Ngati mukugula shopu, ngongole zakalezo zitsale za bambo, inu muzingowatolerera.

Palinso ngongole imene siioneka m'buku lililonse: zimene antchito 4 aja adzayenera kulandira chifukwa cha zaka zimene agwira, ndi masiku a tchuthi amene sanapite. Olemba ntchito akasintha, funso limakhala lakuti zaka zawo zikupitirira kapena bambo awalipira n'kuyambiranso ndi inu. Lamulo la ntchito la kwanuko ndi limene linganene, koma musangokhala chete, chifukwa tsiku limene wina adzachoke adzawerenga kuyambira tsiku limene analowa.

Mwini_Nyumba
Monga munthu wochititsa lendi, ndiwonjezere. Mapangano ambiri salola kuti wobwereka apatse wina malowo popanda chilolezo cha mwini. Ine ndikangoona dzina latsopano pa chikwangwani osandiuza, ndili ndi chifukwa chokambirananso mtengo, mwinanso chothetsera pangano. Bwerani ndi bambo anu akadalipo, munthu amene ndamudziwa zaka zambiri ndimamumvera manyazi. Mukabwera nokha iye atapita, ndinu mlendo amene akufuna malo anga.

Fundi_Wakale
Chimodzimodzi ogulitsa katundu. Masiku 30 amene amakupatsaniwo anapatsa bambo, osati chikwangwani. Dzina likasintha ena adzafuna ndalama pamanja kwa miyezi ingapo mpaka akuzolowereni, ndipo ngati 74 ija muyenera kuilipira katundu asanagulitsidwe, mpamba wanu uyenera kukula mwadzidzidzi. Kuyambira mawa oda iliyonse muziimba ndinu, bambo ali pambali. Ndipo funsani ngati bambo anasainapo kwinakwake kuti ngongole ya shopu ikalephereka adzalipira ndi chuma chawo. Chikole choterocho sichitha chifukwa choti munthu wapuma. Akhoza kukhala kunja, inu mukukongola, nyumba yawo ili pangozi iwo osadziwa.

Gogo_Nkhwazi
Nanga munthu wamkuluyo miyezi 6 imeneyi azitani, azingokhala pampando kuonerera mwana akulakwitsa? Inu simudziwa kuwawa kwake. Ine ndinkapita ku shedi m'mawa uliwonse kwa nthawi yaitali nditapuma, anyamata n'kumandifunsa ine m'malo mofunsa mwana wanga.

Wakutali
Agogo mwatchula vuto lenileni. Ine ndili kuno amakanika ankandiimbira mng'ono wanga akawakaniza chinthu, ine n'kuvomera pa foni. Mabwana awiri. Tinathetsa pogwirizana kuti aliyense akandiimbira za ntchito ndizimubweza kwa iye, ndipo ine ndizilandira pepala limodzi pamwezi: zogulitsa, ndalama ya kubanki, angongole, ngongole zathu. Ndinapemphanso kubanki kuti ndizitha kuona akaunti popanda mphamvu yotulutsa ndalama. Mtima unakhala pansi chifukwa ndinkaona, ndipo ndinasiya kulowerera.

Kwa a Wachiwiri, yesani izi bambo asanapite. Miyezi iwiri yoyamba muziyenda nawo paliponse. Iwiri yotsatira muzilamula ndinu, iwo akhalepo. Kenako akhale kunyumba mwezi wathunthu osaponda m'shopu. Chilichonse chimene mudzawaimbire foni mwezi umenewo, chilembeni, chifukwa chimenecho ndi chimene sichinaperekedwe. Mwezi womaliza ndi wokonza zimenezo.

Kamnjiri
Mdala wa shopu kukhala mwezi osapondamo? Mudzachita kumubisira nsapato.

Zapansi
Ine ndikuonabe kuti mukuchulukitsa. Anthu ambiri amangopatsana makiyi ndipo mashopu akuyenda.

Nachisale
Akuyenda mpaka tsiku la maliro.

Mai_Chifundo
Ndiye ndabwereranso pa mawu anga oyamba aja. Wilo ilembedwe mogwirizana ndi zimene mwapanganazo. Pangano likamati shopu mwagula inu, wilo yakale n'kumati shopu agawane ana atatu, mwasiyira abale chokanganirana ngakhale pepala lanu litakhala lamphamvu.

Wachiwiri
Ndalankhula nawo bambo usiku wathawu, ndinawaonetsa masamu a 100 ndi 90 aja papepala. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati malonda sangatsike chifukwa makasitomala amandidziwa kale ine mwana wawo. Komabe avomera kuwerenga katundu kutha kwa mwezi uno, ndiponso kupita nane kubanki ndi kwa mwini nyumba. Pa 7 paja atsika kufika pa 5, akuti 3 ndi chipongwe. Za kundigulitsa sanakane, koma akuti ayambe amva achimwene. Za wilo anangoti, "Ukufuna kundiika m'manda ndisanakwere ndege?" Ndiye ndazisiya kaye.

Kawerengera
5 ikutanthauza kuti pa malonda a 100 shopu sitsala ndi kanthu kokulira, ndipo pa 90 mukudya 3 ya mpamba. Ngati muvomera, palembedwe kuti mudzaionanso pakatha miyezi 6 potengera kuwerenga kwa katundu, ndipo katundu akatsika pansi pa chiwerengero chimene mudzapeze kutha kwa mwezi uno, ndalamayo itsika yokha popanda kukambirananso. Za wilo musazitchule inu, ndinu wopindula nazo, zimamveka moipa. Atchule loya tsiku limene mukasaine zinazo, kapena mlongo wanu.

Fundi_Wakale
Ndipo musavomere 5 musanadziwe ngati ndi mphatso ya mwezi ndi mwezi yopanda mapeto kapena malipiro ogulira shopu. Ndalama yake ndi imodzimodzi, koma pakatha zaka zisanu njira ina mudzakhala mwini, njira ina mudzakhala muli pomwe muli lero.

Wachiwiri
Achimwene ayankha uthenga. Akuti kugula ayi, shopu ya bambo siigulitsidwa kwa mwana, koma masheyanso sakuwafuna chifukwa safuna kudzasainira ngongole. Akuti abwera Loweruka tidzakambirane. Alipo amene anakhalapo pa zokambirana zoterezi ndi m'bale wofuna umwini koma osafuna pepala? Mkhalapakati munatenga wa m'banja kapena wakunja?